Chigayo chikapuma, lendi sipuma

Amene anali kudutsa ku Kapata m'miyezi yotentha ya 2024 akukumbukira bata lachilendo limene linagwa pa zigayo. Masiku onse phokoso lake limamveka kuyambira mamawa, azimayi atandanda ndi matini a chimanga, anyamata a njinga akudikira kunyamula matumba a unga. Chaka chimenecho zitseko zinali zotsegula, wogayitsa atakhala pakhomo, koma makina ali duu. Chilala chinali chitapsereza minda, kotero kuti pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka. Chimanga chimene Zambia inakolola chinatsika kuchoka pa matani oposa 3 miliyoni a 2023 kufika pafupifupi pa 1.5 miliyoni. Madzi nawo anachepa pa damu la Kariba, ndipo kuzima kwa malaiti, kumene kunayamba ndi maola 8 patsiku mu Malichi, kunafika maola 17 mu Seputembala.

Mwini chigayo anamenyedwa mbali ziwiri: chimanga chogaya chinachepa, ndipo maola ogayira anachepanso. Komabe si onse amene anagwa mofanana. Ntchito ikatsika mofanana pa zigayo ziwiri zoyandikana, wina amangodandaula kuti phindu lachepa, pamene mnzake amafika pogulitsa makina. Kusiyana kumeneku nthawi zambiri sikuchokera pa ulesi kapena pa tsoka. Kumachokera pa mmene zolipira za bizinesiyo zinakhalira kuyambira tsiku loyamba. Ambiri mwa inu mumatiuza kuti mukamaliza maphunziro mukufuna kugula chigayo, makina oyengera mafuta a mpendadzuwa kapena pampu yothirira dimba. Nchifukwa chake taona kuti tiyende nanu pang'onopang'ono m'masamu a nkhaniyi musanasaine pepala lililonse.

Mitundu iwiri ya zolipira

Ndalama iliyonse imene imatuluka m'bizinesi tingaifunse funso limodzi: kodi makina akapanda kulira mwezi wathunthu, ndalama iyi idzatulukabe? Ngati yankho ndi ayi, imeneyo ndi ndalama yoyenda ndi ntchito. Pa chigayo, mauniti a malaiti ali m'gulu limeneli, pamodzi ndi girisi, malamba, masefa ndi timahamala timene timalala malinga ndi kuchuluka kwa chimanga chopita m'makina. Mukagaya matini ambiri mumalipira zambiri, mukapanda kugaya simulipira. Ngati yankho ndi inde, imeneyo ndi ndalama yosasintha. Mwini nyumba amafuna lendi yake pa tsiku limene munapangana, wantchito wa pamwezi amayembekeza malipiro ake, laisensi ya khonsolo inalipidwa kale, ndipo makina amakalamba ngakhale atangokhala.

Zolipira zosasinthazi ndizo mutu wa nkhani yathu. Zimagwira ntchito ngati chitsulo chachitali chimene timazulira chitsa m'munda watsopano: mukatsindika pang'ono mbali ino, mbali inayo imanyamula cholemera. Bizinesi imene zolipira zake zambiri nzosasintha imatenga kusintha kwakung'ono kwa malonda nkukusandutsa kusintha kwakukulu kwa phindu. Akatswiri owerengera chuma amautcha mchitidwewu m'Chingelezi kuti opaleting'i levereji. Chitsulocho sichisankha mbali. Chimakuza phindu malonda akakwera, ndipo chimakuzanso kugwa malonda akatsika, ndi mphamvu yomweyo.

Chigayo choyamba

Tiyerekeze chigayo cha malaiti pafupi ndi msika wa Kapata. Manambala amene tigwiritse ntchito ndi achitsanzo, osankhidwa kuti masamu ayende mosavuta. Inu mudzaikemo anu. Mwini wake amalipiritsa K10 pa tini imodzi ya chimanga. Pa K10 imeneyo, K4 imapita ku mauniti ndi ku zitsulo zolala. Choncho tini iliyonse imamusiyira K6. Ndalama iyi tiitche chotsala pa tini, ndipo tisafulumire kuitcha phindu, popeza ili ndi ntchito yoyamba yoti igwire.

Ntchitoyo ndi kulipira zosasintha za mwezi. Lendi ndi K1,500. Wogayitsa amalandira K2,200. Mlonda, amene amathandizana kulipira ndi oyandikana nawo, amatenga K500. Laisensi ndi zina zolipira kamodzi pachaka zikagawidwa pa miyezi 12 zimakwana K300. Chotsiriza ndi chimene ambiri amaiwala, kutha kwa makina. Ngati chigayo ndi mota yake zinagulidwa K90,000 ndipo zidzatumikira zaka 5, ndiye kuti mwezi uliwonse mwa miyezi 60 imeneyo zikudya K1,500. Palibe amene amabwera kudzatolera ndalama imeneyi, koma tsiku limene mota idzapsa, aliyense amene sanaisunge adzazindikira kuti inali nkhongole ndithu. Zonse pamodzi ndi K6,000.

Tsopano tifunse: matini angati adzalipira K6,000? Tikagawa K6,000 ndi K6 tipeza matini 1,000. Awa ndi malire a chigayochi. Pansi pa matini 1,000 mwini akuluza. Pa 1,000 penipeni wangogwirira ntchito mwini nyumba ndi antchito. Kupitirira pamenepo, K6 ya tini iliyonse imalowa m'thumba lake yathunthu.

Mwezi wabwinobwino chigayochi chimagaya matini 1,500, omwe ndi pafupifupi 58 patsiku pa masiku 26 ogwira ntchito. Chotsala chonse ndi K9,000, ndipo tikachotsapo K6,000 phindu ndi K3,000. Tiyeni tione chimene chichitika ntchito ikakwera ndi 20 peresenti, kufika matini 1,800. Chotsala chikhala K10,800, zosasintha zili pomwepo, phindu lifika K4,800. Ntchito yakwera ndi 20 peresenti, koma phindu lakwera ndi 60 peresenti. Tikatembenuza, ntchito itsike ndi 20 peresenti kufika matini 1,200, chotsala chikhala K7,200 ndipo phindu litsala K1,200 yokha. Mwini wataya kasitomala mmodzi pa asanu alionse, koma m'thumba mwake mwachoka magawo atatu mwa asanu. Ntchito ikatsika ndi 40 peresenti, kufika matini 900, phindu latheratu ndipo ayenera kutapa K600 kunyumba kuti atseke mwezi.

Palibe matsenga apa. Matini 1,000 oyamba ndi a eni lendi ndi malipiro, ndipo phindu lonse limakhala m'matini 500 apamwamba. Makasitomala akachepa, sachepa pa gawo la mwini nyumba. Amachoka pa gawo la mwini chigayo.

Nambala yochulukitsira

Pali njira yachidule yodziwira mphamvu ya chitsulo chanu musanayesedwe ndi chaka choipa. Tengani chotsala chonse cha mwezi, muchigawe ndi phindu la mweziwo. Pa chigayo chathu, K9,000 kugawa ndi K3,000 zipereka 3. Iyi tiitche nambala yochulukitsira. Tanthauzo lake ndi lakuti peresenti iliyonse imene ntchito yasintha, phindu lisintha katatu. Nchifukwa chake 20 inabala 60, ndipo 40 inabala 120, ndiko kuti phindu lonse kutha nkupitirira.

Nambalayi siikhala pamodzi. Imadalira kutalika kwa mtunda umene muli kuchokera pa malire. Chigayo chomwechi chikamagaya matini 2,000, chotsala ndi K12,000, phindu ndi K6,000, nambala ndi 2. Chikamagaya matini 1,200, nambala ndi 6. Chikafika pa matini 1,100, pamene phindu ndi K600 chabe, nambala ndi 11, ndipo maliro a masiku atatu m'komboni kapena lamba kuduka Loweruka nzokwanira kufafaniza mwezi wonse. Bizinesi yatsopano, imene makasitomala sanaizolowere, nthawi zambiri imayambira pafupi ndi malire, pamene chitsulo chili chachitali kwambiri. Apa ndi pamene ambiri amagwera, m'miyezi yoyambirira, asanaone nkomwe phindu limene anawerengera.

Chigayo chachiwiri

Tsidya la msewu tiyerekeze chigayo china, cha mtengo womwewo wa K10 ndi makasitomala ochuluka mofanana, koma chokonzedwa mwanjira ina. Woyendetsa wake sanagule makina. Anapangana ndi mwini makina kuti azimupatsa K1.50 pa tini iliyonse, ndipo wogayitsa naye amalandira K1.50 pa tini m'malo mwa malipiro a pamwezi. Pamodzi ndi K4 ya mauniti ndi zitsulo, tini iliyonse imadya K7, nkusiya K3. Zosasintha zake ndi kashedi ka K1,200 ndi laisensi ya K300 basi, popeza amagona pafupi ndipo safuna mlonda. Malire ake ali pa matini 500.

Pa matini 1,500, chotsala chake ndi K4,500 ndipo phindu ndi K3,000, chimodzimodzi ndi mnzake uja. Munthu wongoyang'ana phindu la mwezi umenewo anganene kuti mabizinesi awiriwa ndi mapasa. Koma nambala yochulukitsira ya wachiwiriyu ndi 1.5. Ntchito ikatsika kufika matini 900, pamene woyamba akutapa K600 kunyumba, iye akadali ndi phindu la K1,200. M'chaka ngati 2024, wachiwiriyu ndiye amagona tulo.

Tisathamangire kumutamanda. Mu 2025 mvula inabwera bwino ndipo dziko linakolola chimanga choposa matani 3.5 miliyoni. M'chaka chotere, zigayo ziwirizi zikafika pa matini 2,400 pamwezi, woyamba apeza K8,400 pamene wachiwiri apeza K5,700. Amene anasenza zosasintha zolemera ndiye amakolola kwambiri ntchito ikachuluka, ndipo ndi chifukwa chake anthu amagula makina awoawo. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tizindikirenso kuti ngozi ya wachiwiri sinasowe; inangosamukira kwa ena. Mwezi woipa, wogayitsa wake amapita kunyumba ndi K1,350 m'malo mwa K2,250, ndipo mwini makina amalandira zochepa. Pangano lotere liyenera kukambidwa poyera, ndipo wantchito amene wavomera kusenza nawo miyezi yoipa ayenera kudya nawo yabwino.

Misampha inayi

Msampha woyamba ndi kutsitsa mtengo pofuna kulanda makasitomala a mnzanu. Mwini chigayo choyamba akachotsa K1, kuchoka pa K10 kufika K9, amaona ngati wachotsa gawo limodzi mwa khumi. Koma mauniti sanatsike mtengo, kotero chotsala pa tini chagwa kuchoka pa K6 kufika K5. Pa matini 1,500, phindu latsika kuchoka pa K3,000 kufika K1,500, theka lenileni. Kuti abwerere pamene anali, ayenera kupeza matini 300 atsopano mwezi uliwonse. Ngati mnzake naye atsitsa, onse awiri angotsala ndi makasitomala akale ndi phindu latheka.

Msampha wachiwiri unaonekera bwino malaiti atavuta. Injini ya dizilo imaoneka ngati chipulumutso, koma imagunda mbali zonse ziwiri za masamu. Kugaya ndi dizilo kumadula kuposa kugaya ndi malaiti, ndipo injiniyo ndi makina ena okalamba mwezi ndi mwezi. Ngati zoyenda ndi ntchito zakwera kufika K7 pa tini mtengo osasintha, chotsala ndi K3, ndipo malire achoka pa matini 1,000 kufika 2,000 tisanawerengere nkomwe kutha kwa injiniyo. Chigayo chikhoza kulira tsiku lonse, mzere uli mpaka kumsewu, mwini wake akuluza. Wosankha dizilo ayenera kukweza mtengo wogayira tsiku lomwelo, ndipo adziwe kuti waukweza ndi zingati ndi chifukwa chake.

Msampha wachitatu ndi nkhongole. Chiwongoladzanja sichili m'gulu la zolipira zoyendetsera ntchito, ndipo akatswiri amachiwerengera padera, koma nachonso sichidziwa chilala. Mwini chigayo choyamba akamalipira K1,000 ya chiwongoladzanja pamwezi, phindu la mwezi wabwinobwino litsika kufika K2,000, ndipo K9,000 kugawa ndi K2,000 zipereka 4.5. Walumikiza chitsulo china kunsonga kwa choyamba. Kuwonjezera apo, wokongoza amafunanso gawo la ndalama yeniyeniyo mwezi uliwonse, kawirikawiri mofulumira kuposa mmene makina akukalambira. Motero buku likhoza kusonyeza phindu pamene m'bokosi mulibe ndalama ya mauniti.

Msampha wachinayi ndi kutseka chitseko mwezi woluza. Pa matini 900 mwini akuluza K600, ndipo mtima umamuuza kuti aleke. Koma akatseka, lendi, mlonda, laisensi ndi kukalamba kwa makina zipitirira, ndipo wogayitsa akadali pa pangano lake. Atataya K5,400 ya chotsala, adzaluza K6,000 yonse. Malinga ngati tini iliyonse ikusiya kanthu pamwamba pa mauniti ndi zitsulo, kugaya kuli bwino kuposa kukhala. Funso lotsekeratu limabwera pamene pangano la lendi likutha, kapena pamene chaka chathunthu, osati mwezi umodzi, chalephera kudutsa malire.

Werengerani chaka, osati mwezi wokolola

Kuno kwathu ntchito ya chigayo imatsatira nkhokwe. Chimanga chikauma nkulowa m'nyumba, matini amachuluka. Dzinja likafika pakati, nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka ndipo mabanja a m'tauni amagula unga wa m'sitolo. Wofuna kugula chigayo akakaima pakhomo pa mnzake mu Julaye nkuwerenga makasitomala, adzabwerera ndi masamu okoma amene sadzakwaniritsidwa mu Febuluwale. Ngati chigayo choyamba chigaya matini 1,800 kwa miyezi 6 ndi matini 900 kwa miyezi 6 inayo, phindu la chaka ndi K28,800 kuchotsapo K3,600, ndiko kuti K25,200. Wowerengera mwezi wabwino yekha akanayembekeza K57,600. Ndalama za miyezi yonona zili ndi mwini wake kale, ndiye miyezi yowonda.

Masamuwa alinso ndi polekezera. Zosasintha zimakhala zosasintha pakati pa malire ena okha. Wogayitsa mmodzi ali ndi matini amene angathe patsiku. Kupitirira apo pafunika wachiwiri, ndipo K6,000 ilumpha kamodzi ngati munthu wokwera sitepe. Pamenepo malire ndi nambala yochulukitsira ziyenera kuwerengedwanso. Nambalayi imaganizanso kuti mtengo wogayira ndi mtengo wa mauniti zaima pamodzi, ndipo chimodzi chikasintha, ya mwezi watha siithandizanso.

Za kumunda

Maganizo omwewa amagwira pa ntchito iliyonse imene mumaphunzira pano. Nkhuku zanyama zimadya ndalama zambiri, koma zambirizo nzoyenda ndi ntchito: anapiye, chakudya, katemera ndi makala. Msika ukafooka, mlimi akhoza kuchepetsa anapiye a ulendo wotsatira, ndipo zolipira zitsika naye pamodzi. Pampu yoyendera dzuwa ili kumapeto enawo. Pafupifupi ndalama yonse imatuluka tsiku logula, kenako madzi amabwera mosalipira mafuta. Pampu yotere ikathirira dimba lalikulu chaka chonse, bedi lililonse lowonjezera limabweretsa pafupifupi phindu lokhalokha kumbali ya madzi. Ikathirira mabedi ochepa, kapena chitsime chikaphwa mu Okutobala, mtengo wake wonse umagwera pa matimati ochepa. Chimodzimodzi makina oyengera mpendadzuwa amene amapeza mbewu miyezi itatu yokha pachaka, ndi ng'ombe zolimira zimene zimafuna dibi ndi mbusa ngakhale khasu lake lili pakhonde.

Kotero musanagule makina, lembani papepala zinthu zitatu: chotsala pa tini, pa lita kapena pa kreti imodzi, zosasintha za mwezi, osaiwala kutha kwa makina, ndi malire amene atuluka mukagawa chachiwiri ndi choyamba. Kenako funsani amene akuchita kale ntchitoyo m'dera lanu kuti mwezi wawo woipitsitsa unali wotani, ndipo muyese masamu anu pa mwezi umenewo. Ngati malire ali pansi pa mwezi woipawo, gulani makina, popeza chitsulo chidzagwira ntchito kumbali yanu. Ngati ali pamwamba, pali njira zofupikitsira chitsulo: kubwereka makina molipira pa ntchito, kugawana shedi ndi mlonda, kugula pamodzi ngati kopaletivu kuti makina amodzi apeze chimanga cha mabanja ambiri, kapena kuwapezera ntchito yachiwiri monga kugaya chakudya cha ziweto m'miyezi imene chimanga cha nsima chachepa. Makasitomala akakhazikika ndipo buku la miyezi 12 likasonyeza kuti mumadutsa malire ngakhale mu Febuluwale, nthawi yogula makina anuanu yakwana.